Mafunso ndi mayankho: kulemba gawo la njira za kafukufuku loti wina angathe kulitsata n'kubwereza ntchito yanu

Mayankho onse ali m'munsimu akutsata chitsanzo chimodzi chongoyerekeza. Wophunzira wa chaka chomaliza cha maphunziro a zaulimi akufuna kudziwa njira yomwe imateteza bwino chimanga kwa anankafumbwe pa miyezi isanu ndi umodzi. Akuyerekeza njira zitatu: thumba wamba lopanda mankhwala, thumba wamba lothiramo mankhwala a ufa, ndi thumba la PICS, lija lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Manambala a m'chitsanzochi ndi ophunzitsira chabe, koma mavuto omwe akutchulidwa ndi omwe amachitikadi pa kafukufuku wa mtundu umenewu.

Kodi gawo limeneli ndikulembera ndani kwenikweni?

Ophunzira ambiri amalembera mphunzitsi wowayang'anira, ndipo vuto limayambira pomwepo. Mphunzitsiyo anafika m'chipinda chosungira, anawona matumba, akudziwa sikelo yomwe munabwereka ku labu. Inu mukasiya kanthu, iye amakwaniritsa yekha m'mutu mwake osazindikira n'komwe kuti papepala palibe. Lemberani wophunzira wa chaka chamawa, wa ku koleji ina, yemwe sanakuwonenipo ndipo alibe nambala yanu. Iye anaphunzira zaulimi ngati inu, choncho simukufunika kumuphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka sikelo. Chimene sangachidziwe ndi zimene inu munasankha pamene panali njira ziwiri kapena zitatu zochitira chinthu chimodzi. Paliponse pamene munaima n'kuganiza kuti "ndipange chonchi kapena chonchi", pamenepo payenera kukhala chiganizo m'lipoti.

Ndalemba kuti "chimanga chinaikidwa m'matumba n'kusungidwa miyezi isanu ndi umodzi". Chalakwika n'chiyani?

Chiganizocho n'choona, koma anthu khumi atachitsatira angachite zinthu khumi zosiyana. Choyamba, chimanga chake ndi chiti? Chimanga cha makolo chimakhala cha njere zolimba ndipo chimachedwa kufumbwa, pomwe mitundu yambiri ya haibulidi ili ndi njere zofewa zimene anankafumbwe amaboola msanga. Wobwereza akatenga cha makolo pamene inu munagwiritsa ntchito SC 403, chija alimi amati Kanyani, zotsatira zake zidzasiyana ndi zanu ngakhale atatsata zina zonse bwinobwino.

Chachiwiri, miyezi yake ndi iti? Kusunga kuyambira Juni mpaka Disembala si chimodzimodzi ndi kuyambira Okutobala mpaka Epulo. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi tizilombo timaswana pang'onopang'ono, koma kukatentha mu Okutobala ndi Novembala timachulukana mofulumira. Ndiye lembani tsiku lenileni limene munamanga matumba ndi tsiku limene munatsegula omaliza.

Chiganizo chija chikalembedwa bwino chimatalika chonchi: "Chimanga cha mtundu wa SC 403 chinagulidwa kwa mlimi mmodzi, chochokera m'munda umodzi, chokololedwa mu Meyi. Chinatonoledwa ndi manja, n'kupetedwa, n'kuyanikidwa pa lona mpaka chinyezi chinafika pa 13 peresenti. Chonse chinasakanizidwa pa mulu umodzi chisanagawidwe. M'thumba lililonse munaikidwa makilogalamu 25. Matumba anaikidwa pa thandala la matabwa lotalika masentimita 15 kuchokera pansi, osakhudza khoma, m'chipinda cha njerwa chofolera ndi malata." Mfundo yosakaniza pa mulu umodzi ambiri amaiwala kuilemba, chonsecho ndi imene imatsimikizira wowerenga kuti matumba onse anayambira pofanana.

Nanga malire ake ali pati? Kodi ndilembe chilichonse chimene ndinachita?

Ayi. Funso lodzifunsa ndi limodzi: wobwereza akachita mosiyana ndi ine pa chinthu ichi, kodi manambala ake angasinthe? Mtundu wa galimoto imene inanyamula chimanga sungasinthe kanthu, usiyeni. Mmene munamangira thumba la PICS mungasinthe zonse, chifukwa thumbali limapha tizilombo potisowetsa mpweya. Ngati munafinya mpweya kaye, n'kupotokola pakamwa pa pulasitiki yoyamba, n'kuipinda, n'kumanga, kenaka yachiwiri payokha, kenaka saka lakunja payokha, lembani motero. Wina amene angamange zitatuzo pamodzi ndi chingwe chimodzi akhoza kusiya mpata wolowera mpweya, ndipo adzanena kuti zotsatira zanu zinali zabodza.

Pa mankhwala, mawu oti "anathiridwa motsatira malangizo a pa botolo" sakwanira. Malangizo amasintha, komanso mankhwala a dzina lofanana amabwera m'mitundu ingapo ya mphamvu zosiyana. Lembani dzina lonse monga lalembedwera pa botolo, mankhwala enieni amene ali m'katimo ndi kuchuluka kwake, tsiku lothera mphamvu, magalamu amene munathira pa makilogalamu 25, ndi mmene munasakanizira.

Anankafumbwe anabwera okha kapena ndinachita kuwaika. Kodi zimenezi zili ndi ntchito?

Zili ndi ntchito yaikulu, ndipo apa m'pamene malipoti ambiri a kasungidwe ka mbewu amakhala chete. Nankafumbwe amaikira mazira m'kati mwa njere, mphutsi n'kukulira momwemo, ndipo papita pafupifupi milungu isanu kukakhala kofunda kuti atuluke wamkulu. Choncho chimanga chooneka choyera pa tsiku loyamba chikhoza kukhala kuti chalowedwa kale kuchokera kumunda. Ngati munadalira tizilombo tobwera tokha, nenani, ndipo perekani chiwerengero cha tizilombo ndi njere zoboola zimene munapeza pa tsiku loyamba. Ngati munachita kuika, fotokozani kuti munayamba mwapha zobisika m'njere motani, mwachitsanzo poika chimanga m'firiji yozizira kwambiri, pa madigiri angati ndiponso kwa masiku angati. Kenaka nenani kuti munaika tingati pa thumba, mwachitsanzo 50, ndipo munatitenga kuti.

Lembaninso dzina la sayansi la kachilomboko. Kumudzi dzina loti nankafumbwe limagwira tizilombo tingapo. Pali Sitophilus zeamais, ka mlomo wautali, ndi Prostephanus truncatus, kamene kamaboola ngakhale matabwa ndi pulasitiki n'kusandutsa chimanga ufa. Kuwononga kwawo n'kosiyana kwambiri, ndipo wowerenga sangadziwe kamene munalimbana nako ngati simunatchule. Nenaninso amene anakazindikira ndi mmene anachitira.

Ndinali ndi matumba atatu, limodzi pa njira iliyonse, ndipo m'thumba lililonse ndinkatapamo kanayi. Ndingalembe kuti ndinabwereza kanayi?

Simungatero. Chimene chinalandira njira yosungira ndi thumba, osati chikho cha chimanga chimene munatapa. Mukatapa kanayi m'thumba limodzi, mwayeza thumba lomwelo kanayi. Tiyerekeze kuti thumba lanu limodzi la PICS linali ndi kabowo koboola khoswe. Masampulo onse anayi adzaonetsa chimanga chofumbwa, ndipo inu mudzalemba kuti njirayo siigwira ntchito, pamene vuto linali la thumba limodzi lokha. Kubwereza kanayi ndiye kuti matumba anayi osiyana pa njira iliyonse, onse pamodzi 12. Masampulo a m'thumba limodzi amaphatikizidwa n'kutenga avereji, ndipo nambala imodziyo ndi imene imaimira thumbalo powerengera.

Pali vuto lina logwirizana ndi limeneli. Ngati mukufuna kuyeza pa mwezi wachiwiri, wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi, thumba la PICS mukalitsegula pa mwezi wachiwiri mwalowetsamo mpweya watsopano, ndipo silifanananso ndi thumba limene lakhala chimangire. Njira yabwino ndi kukhala ndi matumba apadera a tsiku lililonse loyeza, oti akatsegulidwa achoke m'kafukufuku. Zikatero matumba amakhala 36: njira zitatu, kubwereza kanayi, masiku oyeza atatu. Matumba 36 a makilogalamu 25 ndi makilogalamu 900 a chimanga, ndipo wophunzira wodzilipirira yekha sangakwanitse nthawi zonse. Ngati munatsegula n'kumanganso matumba omwewo, si mlandu. Koma lembani kuti munatero, thumba linkakhala lotsegula kwa mphindi zingati, ndipo mudzatchulenso zimenezi pokambirana zotsatira.

Ndinalemba kuti matumba anaikidwa "mwachisawawa". Mphunzitsi wabweza. Akufuna chiyani?

Akufuna kudziwa kuti maere anachitika bwanji. Kuika matumba mmene dzanja lafikira si maere. Munthu amakonda kuika matumba a mtundu umodzi pamodzi, ndiye zimapezeka kuti onse a PICS ali pafupi ndi zenera pomwe pamawomba dzuwa masana, enawo ali ku ngodya yozizira. Zikatero simungasiyanitse mphamvu ya thumba ndi mphamvu ya malo.

Maere enieni akhoza kukhala osavuta: munalemba manambala a malo 36 pa timapepala, n'kutipinda, n'kutiika m'chipewa, n'kumatola kamodzikamodzi. Lembani zimenezo basi. Ngati munagwiritsa ntchito Excel, dziwani kuti `=RAND()` imasintha manambala nthawi iliyonse pamene tsamba lawerengeranso, choncho wina sangapezenso ndondomeko yanu pokhapokha mutaisindikiza m'lipoti. Mu pulogalamu ya R mungachite chonchi:

```
set.seed(417)
sample(1:36)
```

Nambala ili m'mabulaketi a mzere woyamba ndi imene imachititsa kuti wina apeze ndondomeko yofanana ndi yanu, choncho ilembeni. Lembaninso mtundu wa R umene munagwiritsa ntchito. Kuyambira pa R 3.6.0, yomwe inatuluka mu 2019, kachitidwe ka `sample()` kanasinthidwa, moti nambala yomweyo imapereka ndondomeko ina pa R yakale. Chojambula chaching'ono choonetsa chipinda, khomo, zenera ndi malo a thumba lililonse chimathandiza kuposa ndime yonse ya mawu.

Kodi ndifotokoze bwanji katapidwe ka sampulo?

Nenani malo a m'thumba amene munatapa, chida chimene munatapira, kuchuluka kwake, ndi mmene munachepetsera. Tizilombo ndi ufa wa chimanga chofumbwa sizikhala mofanana m'thumba monse. Ufa umatsikira pansi, ndipo wotapa pamwamba pokha amapeza chithunzi chosiyana ndi wotapa pansi. Chitsulo chobayira matumba chimagwira pa thumba wamba, koma pa PICS simungabaye. Ngati njira imodzi inatapidwa ndi chitsulo, ina ndi chikho pamwamba, kusiyana kwa zotsatira kukhoza kuchokera pa katapidweko.

M'chitsanzo chathu, pakuti thumba lililonse likutsegulidwa kamodzi kokha, wophunzira angalembe kuti anakhuthulira thumba lonse pa lona, n'kusakaniza, n'kugawa muluwo panayi, n'kutenga magawo awiri oyang'anizana, n'kumabwereza choncho mpaka kutsala kilogalamu imodzi. Kilogalamuyo anaisefa pa sefa ya mabowo a mamilimita awiri kuti tizilombo ndi ufa zigwe, ndipo pa njere zotsala anawerengapo 500 osasankha. Kukula kwa mabowo a sefa kulembedwe, chifukwa sefa ya mabowo aang'ono kwambiri imasiya tizilombo pamwamba.

Ndinayeza matumba pa sikelo poyamba ndi pomaliza. Kusiyana kwake si ndiye kuwonongeka kwa chimanga?

Si konse. Gawo lina ndi madzi. Chimanga cha m'thumba wamba chimapitiriza kuuma m'chilimwe, ndipo mvula ikayamba chimayamwanso chinyezi. Taonani: makilogalamu 50 a chimanga cha chinyezi cha 15 peresenti akauma kufika pa 12 peresenti amatsala makilogalamu 48.3, popanda ngakhale kachilombo kamodzi kudyako. Makilogalamu 1.7 amenewo, omwe ndi 3.4 peresenti, ndi madzi okhaokha. Thumba la PICS silitaya madzi chotero, ndiye mukangoyerekeza masikelo mudzalikometsera mopitirira muyeso.

N'chifukwa chake gawo la njira liyenera kunena kuti chinyezi munayeza bwanji komanso kuti kulemera konse munakubweretsa pa chinyezi chimodzi. Fomula yake iikeni m'lipoti:

```
W13 = W × (100 − m) / (100 − 13)
```

Apa W ndi kulemera kumene sikelo yaonetsa, m ndi chinyezi chimene mwayeza tsiku lomwelo, ndipo W13 ndi kulemera kwake chikanakhala pa 13 peresenti. Ngati munayeza chinyezi ndi kamakina ka m'manja, lembani dzina lake ndi nambala ya mtundu wake, ndiponso ngati munakayerekezapo ndi uvuni. Ngati munagwiritsa ntchito uvuni, lembani kutentha ndi maola, komanso ngati njere zinali zathunthu kapena zogaya. Njira yodziwika ya njere zathunthu za chimanga ndi madigiri 103 kwa maola 72. Zogaya zimaumitsidwa pa kutentha kokulirapo kwa maola ochepa, ndipo njira ziwirizi sizipereka nambala yofanana ndendende.

Ndinagwiritsa ntchito njira yowerenga ndi kuyeza njere. Ndi yodziwika kale. Kodi kungoitchula dzina sikukwanira?

Itchuleni, nenani kumene munaitenga, komabe lembani fomula ndi zimene inu munasankha poigwiritsa ntchito. Fomula ndi iyi:

```
% = (Wu × Nd − Wd × Nu) / (Wu × (Nd + Nu)) × 100
```

Nu ndi chiwerengero cha njere zabwino, Wu ndi kulemera kwake. Nd ndi chiwerengero cha njere zofumbwa, Wd ndi kulemera kwake. Tinene kuti pa njere 500 zija, 420 ndi zabwino ndipo zikulemera magalamu 126, pomwe 80 ndi zofumbwa ndipo zikulemera magalamu 18. Mukachulukitsa 126 ndi 80 mupeza 10,080. Mukachulukitsa 18 ndi 420 mupeza 7,560. Kusiyana kwake ndi 2,520. Pansi pali 126 kuchulukitsa ndi 500, zomwe ndi 63,000. Yankho ndi 4 peresenti.

Onani kuti pa sampulo yomweyi njere zofumbwa ndi 80 pa 500, kutanthauza 16 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona, koma akunena zinthu zosiyana: 16 ndi kuchuluka kwa njere zoboola, 4 ndi kulemera kumene kwatayika. Lipoti longoti "kuwonongeka kwa chimanga" osanena kuti ndi kuti pa ziwirizi limasokoneza aliyense wofuna kuyerekeza ndi zake.

Chimene buku silingakusankhireni ndi tanthauzo la njere yofumbwa. Kodi ndi yokhayo yokhala ndi bowo looneka ndi maso? Nanga yosweka potonola, yovunda, kapena yoluma khoswe, munaiika mbali iti? Munayang'ana ndi maso okha kapena ndi galasi lokulitsa? Munawerenga nokha kapena munali awiri? Anthu awiri opatsidwa mbale imodzi ya njere 500 amapeza ziwerengero zosiyana ngati sanagwirizane kaye pa zimenezi. Lembaninso kuti sikelo yanu imawerenga mpaka pati. Pa magalamu 18, sikelo ya kukhitchini yowerenga galamu imodziimodzi ikhoza kusuntha yankho, ndiye pafunika yowerenga mpaka magalamu 0.01.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwatchula. Njere yokhala ndi mphutsi m'kati koma yopanda bowo imawerengedwa ngati yabwino. Njere imene yadyedwa yonse n'kusanduka ufa siiwerengedwa n'komwe, choncho chimanga chikafumbwa kwambiri njirayi imaonetsa kuwonongeka kochepa kuposa kwenikweni. Ndipo pamene zofumbwa zili zochepa, yankho limatha kutuluka lochepera ziro, chifukwa zimachitika kuti njere zoboolazo n'zikuluzikulu kuposa zinzake. Nenani chimene munachita ndi mayankho oterowo: munawasiya mmene alili kapena munawasandutsa ziro.

Zinthu sizinayende monga ndinalembera mu pulopozo. Ndilembe ziti?

Lembani zimene zinachitika. Gawo la njira la mu pulopozo limanena zimene mudzachite, la mu lipoti limanena zimene munachita. Ambiri amangokopera la mu pulopozo n'kusintha mawu kuti aoneke a nthawi yakale, ndipo oyesa amazigwira mosavuta: chaputala chachitatu chikunena matumba 36, tebulo la zotsatira likuonetsa 34. Ngati makoswe anaboola matumba awiri, lembani kuti ndi a njira iti, munazindikira tsiku liti, ndipo munawachotsa powerengera kapena ayi. Ngati magetsi anazima uvuni ili pa maola 40 mwa 72, nenani kuti munayambiranso ndi sampulo ina kapena munangopitiriza atayaka. Ngati tsiku loyeza la mwezi wachinayi linachedwa ndi masiku 9 chifukwa cha mayeso, lembani tsiku lenilenilo.

Zimenezi sizichepetsa ulemu wa ntchito yanu. Wobwereza akawerenga za makoswe adzatchera misampha asanayambe. Mukabisa, iye adzagwa m'dzenje lomwelo. Kuti muzikumbuka, khalani ndi kope limodzi lolembamo tsiku lililonse limene mwagwira ntchito, ndipo gawo la njira mulilembe mukuyang'ana m'kopemo, osati m'mutu.

Pa kawerengedwe ka zotsatira, n'kokwanira kunena kuti ndinagwiritsa ntchito SPSS?

Dzina la pulogalamu silinena chimene munachita. Lembani mtundu wa pulogalamuyo, kaya ndi SPSS, Genstat kapena R, ndi nambala yake. Nenani kuti munachita ANOVA ya mtundu wanji, nambala imodzi inkaimira thumba kapena sampulo, ndi njira imene munasiyanitsira ma avereji, mwachitsanzo ya Tukey pa mlingo wa 0.05. Maperesenti ndi ziwerengero za tizilombo nthawi zambiri zimayamba zasinthidwa zisanalowe mu ANOVA. Ngati munasintha, lembani fomula yake, makamaka chimene munachita ndi matumba opanda kachilombo ngakhale kamodzi, pakuti ziro alibe logarithimu ndipo ambiri amawonjezera 1 osanena. Tebulo la manambala onse a thumba lililonse liikeni kumapeto kwa lipoti.

Kafukufuku wanga analinso ndi mafunso kwa alimi. Pamenepo chofunika n'chiyani?

Nenani kumene munatenga mndandanda wa mabanja, kaya kwa nyakwawa kapena kwa alangizi a zaulimi, munali mabanja angati, ndipo munasankhamo bwanji. Nenani chimene munkachita mukapeza pakhomo palibe munthu: munkabwereranso kapena munkalowa nyumba yoyandikana nayo. Pepala la mafunso liikeni kumapeto m'chinenero chimene munafunsira, chifukwa funso lolembedwa m'Chingerezi koma lomasuliridwa pakamwa pakhomo lililonse limasintha tsiku ndi tsiku. Alimi amayankha mu ngolo, madengu ndi ndowa, ndiye fotokozani kuti munasandutsa bwanji miyeso imeneyi kukhala makilogalamu, komanso ngati ngoloyo inali ya chimanga chotonola kapena chosatonola. Lembaninso komiti imene inavomereza kafukufukuyo, nambala ya chilolezo, ndi mmene anthu anavomerera kuyankha. Mayina awo asaoneke paliponse m'lipoti.

Ndingadziwe bwanji kuti zimene ndalemba zakwana ndisanapereke?

Perekani gawolo kwa mnzanu wa m'kalasi amene sanakuthandizeni pa ntchitoyi. Musamufunse ngati likumveka, adzangoti inde. Mupempheni zinthu ziwiri. Choyamba, alembe mndandanda wa zonse zimene angagule ndi kubwereka kuti ayambe mawa, pamodzi ndi kuchuluka kwake: makilogalamu a chimanga, matumba a mtundu uliwonse, magalamu a mankhwala, sefa, sikelo. Chachiwiri, mupatseni manambala a thumba limodzi kuchokera m'kope mwanu, awerengere yekha kuwonongeka kwake potsata zimene mwalemba zokha. Inu mukhale chete. Paliponse pamene wakufunsani funso, ikani chizindikiro, pakuti pamenepo pakusowa chiganizo. Akapeza 16 peresenti pamene tebulo lanu likuti 4, kapena akalemba matumba 12 pamene inu munagula 36, bwererani ku ndime yofotokoza kayezedwe ndi ya kuchuluka kwa matumba, mukonze, kenaka mupatse mnzanu wina amene sanaliwerengepo.